Akuti mulipire kaye musanayambe ntchito ya pa intaneti: zoyenera kufufuza ndalama isanachoke m'foni

Ntchito za pa intaneti zomwe zimatipeza kuno ku Mangochi zimakonda kukhala zofanana: kutaipa, kumasulira zolemba za Chingerezi kuti zikhale m'Chichewa kapena m'Chiyao, kumvetsera mawu ojambulidwa n'kuwalemba, kukonza mapositala. Zina n'zenizeni ndipo alipo anthu akugula nazo ufa. Zina zimabwera ndi kamawu kakuti muyambe mwatumiza kenakake, kaya akuti ya kalembera, ya dipoziti, ya maphunziro kapena yotsegulira akaunti. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa amamvanso kuti ngakhale mapulatifomu odziwika, mawebusayiti omwe amakumanitsa ofuna ntchito ndi makasitomala, ali ndi zolipiritsa zawo. N'zoona ali nazo. Ndiye nkhani siyakuti paliponse potchulidwa ndalama pali mbava. Chofunika kudziwa ndi ichi: ndalama yanuyo ikupita kwa ndani, ndipo ndalama ya yemwe akuti akulembani ntchitoyo ili pati panopa.

Kuti zimveke, tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tinene kuti pagulu la WhatsApp la anzanu omwe munaphunzira nawo pabwera uthenga woti kampani ina yakunja ikufuna omasulira. Masamba ndi 40, malipiro ndi madola 300, nthawi ndi masiku asanu. Mwadina linki, mwafika pa webusayiti yooneka bwino, mwalembetsa, ndipo pasanathe ola mwauzidwa kuti mwasankhidwa. Kenako akuti mutumize K35,000 yotsimikizira akaunti, yomwe idzabwezedwa pamodzi ndi malipiro. Pa mtengo wa kubanki, pomwe dola yakhala ikuzungulira pa K1,750, madola 300 ndi K525,000. Munthu aliyense akaika K35,000 pambali pa K525,000 mtima umayamba kumuuza kuti angoyesa.

Choyamba, funsani kuti ndalamayo akulandira ndani

Yambani mwadziwa mmene mapulatifomu enieni amapezera ndalama, chifukwa mukadziwa zimenezi zabodza zimaonekera zokha. Pa Fiverr kulembetsa n'kwaulere, ndipo iwo amadula 20 peresenti pa ndalama yomwe mwagwirira kale. Pa Upwork kulembetsanso n'kwaulere, amadula gawo lawo pa malipiro anu, ndipo gawolo amakuonetsani musanatumize pempho la ntchito. Chomwe mungagule ndi ndalama yanu kumeneko ndi timapointi totchedwa Connects, tomwe mumagwiritsa ntchito pofunsira ntchito, kamodzi pa masenti 15 a dola. Pa Freelancer.com pali kanthu kena koti muchenjere nako: ntchito ya mtengo wokhazikika mukangoivomera, amakuwerengerani 10 peresenti kapena madola asanu, potengera chomwe chakula, ngakhale kasitomala asanakulipireni. Mitengo imeneyi imasintha, choncho muziwerenga tsamba lawo la zolipira pa tsiku lomwe mukulembetsa.

Mukaziyang'ana bwino zolipira zonsezi, muona kuti zili ndi khalidwe limodzi. Zalembedwa poyera pomwe aliyense angawerenge asanalembetse. Zimalipiridwa mkati mwa webusayiti momwemo, kupita ku kampaniyo, ndipo lisiti limatsala mu akaunti yanu. Komanso palibe cholipira chomwe chimakulonjezani ntchito. Mukagula Connects mwagula mwayi wofunsira basi, kasitomala akhoza kusankha wina.

Tsopano bwererani ku K35,000 ija. Fufuzani pa webusayitiyo ngati yalembedwa penapake poyera. Kawirikawiri mupeza kuti palibe, inangotchulidwa mu uthenga mutasankhidwa kale. Funsani njira yolipirira. Akakupatsani nambala ya Airtel Money kapena ya Mpamba, chitani kanthu kakang'ono aka komwe sikadya ndalama: imbani `*211#` kapena `*444#`, tsatirani njira yotumizira ndalama, lembani nambalayo ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo imani pomwe foni ikufunsa nambala yanu yachinsinsi. Werengani dzina lomwe labwera, kenako thetsani. Ngati kampani yomwe ikuti ili ku Ulaya ikulandirira ndalama pa dzina la munthu wamba, mwapeza kale yankho. Adzakuuzani kuti ameneyo ndi ejenti wawo wa ku Malawi. Kampani yotha kulipira anthu madola siingalephere kukhala ndi akaunti ya kubanki m'dzina lake.

Ndipo ngati yemwe akufuna ndalamayo ndi kasitomala mwiniwake, osati pulatifomu, apo palibenso chofufuza. Kasitomala ndi wogula. Palibe chifukwa chomveka choti wogula ntchito ayambe walandira ndalama kuchokera kwa woigwira, ndipo mapulatifomu akuluakulu onse amaletsa zimenezi m'malamulo awo.

Kenako, yang'anani webusayitiyo kumbuyo kwake

Kukongola kwa webusayiti sikunena kanthu. Munthu wodziwa akhoza kukopera maonekedwe a kampani ina tsiku limodzi lokha. Kaloko kaja kooneka pafupi ndi adiresi nakonso sikatanthauza kuti eni ake ndi okhulupirika, kamangosonyeza kuti zomwe mukulemba sizikuwerengedwa ndi ena panjira.

Werengani adiresi pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo. Akathyali amakonda kutenga dzina lodziwika n'kuwonjezerapo kamzere ndi liwu lina, kapena kusintha chilembo chimodzi. Musalowere pa linki yomwe mwatumiziridwa. Tsegulani tsamba latsopano, lembani nokha adiresi ya kampani yeniyeniyo, muone ngati ntchito ija ikupezekako. Onaninso imelo yomwe akukulemberani nayo. Kampani yokhala ndi webusayiti yakeyake koma n'kumalemba makalata a ntchito ndi imelo yothera ndi `@gmail.com` ndi yokayikitsa.

Chinthu chomwe ine ndimachikonda kwambiri pa kafukufukuyu ndi kuona msinkhu wa webusayiti, chifukwa n'chachangu ndipo sichidya bandulo. Pitani pa `lookup.icann.org`, lembani adiresi ya webusayitiyo, ndipo pa zomwe zibwerezo funani mzere wolembedwa `Created`. Limenelo ndi tsiku lomwe dzinalo linalembetsedwa. Zimagwira bwino pa maadiresi othera ndi `.com`, `.net` ndi `.org`. Mu chitsanzo chathu, tinene kuti webusayiti ikudzitama kuti yakhala ikulipira omasulira kuyambira 2014, koma mzere uja ukuonetsa kuti dzinalo lili ndi masabata asanu ndi limodzi. Bodza limodzi lotere likukwanira. Mungapitenso pa `web.archive.org`, komwe amasunga maonekedwe akale a mawebusayiti, muone kuti chaka chatha pa adiresi imeneyo panali chiyani. Izi zimathandiza chifukwa ena amagula dzina lakale lomwe eni ake analisiya. Mupeza kuti msinkhu ndi waukulu ndithu, koma zaka ziwiri zapitazo pankagulitsidwa nsapato.

Mukatero, lembani dzina la pulatifomuyo pa Google pamodzi ndi liwu lakuti `scam`, kenako ndi liwu lakuti `withdrawal`. Powerenga ndemanga za anthu, monga pa Trustpilot, musathere nthawi pa zoyamikira, pitani pa zodandaula. Ngakhale mapulatifomu enieni ali ndi odandaula ambirimbiri, ndiye kuchuluka kwa madandaulo pakokha si umboni. Mvetserani chomwe akudandaula. Wina akati amadula ndalama zambiri, kapena ntchito n'zovuta kupeza, kumeneko n'kudandaula kwa pamsika. Koma anthu angapo osadziwana akamanena zofanana, kuti atafuna kutapa ndalama anauzidwa kuti alipire kaye, musapitirire. Ndemanga zoyamikira zomwe zinalembedwa sabata imodzi, zazifupizifupi, zofanana kalembedwe, muzingoziona ngati palibe.

Ndalama imatuluka bwanji kufika kuno?

Funso ili anthu amalifunsa mochedwa, ntchito atagwira kale. Lifunseni poyamba. Pulatifomu yeniyeni imakhala ndi tsamba lofotokoza njira zotapira ndalama, mayiko omwe njira iliyonse imafika, ndalama yochepetsetsa yomwe mungatape, zomwe amadula ndi masiku odikira. Pa Fiverr, mwachitsanzo, ogulitsa ambiri amadikira masiku 14 ntchito itatha kuti ndalama imasuke. Onani ngati Malawi ali pa mndandanda wa njira yomwe mukufuna, kaya ndi kampani yotumiza ndalama ya Payoneer kapena kutumiza kubanki. Nthawi zina pulatifomu imakhala yabwinobwino koma njira yake yolipirira siifika kuno, ndiye mumagwira ntchito ya ndalama yomwe muzingoiona pa sikirini.

Samalaninso ndi malire otapira omwe akwezedwa dala. Ngati ntchito iliyonse ikulipira masenti ochepa koma akuti simungatape musanafike madola 200, werengani kuti zikutengerani miyezi ingati. Ena amadalira zoti mudzatopa panjira.

Umboni wabwino ndi munthu yemwe mungakhale naye pansi. Koma pomufunsa pakufunika luso. Musamufunse kuti "kodi amalipira?", chifukwa ayankha kuti eya, n'kukuonetsani chithunzi cha akaunti yodzaza manambala. Mufunseni kuti, "Achimwene, chiyambireni mwaikamo zingati zonse pamodzi, ndipo zomwe zafika m'manja mwanu n'zingati?" Mupempheni akuonetseni uthenga wa kubanki kapena wa Airtel Money pa foni yake, osati chithunzi chotumiziridwa. Funsaninso ngati iye alandira kenakake inu mukalowa. Wolandira komishoni pa mutu wanu sangakhale mboni, ngakhale ali m'bale wanu, ndipo nthawi zambiri iyenso sakudziwa kuti ali m'khoka.

Pano ndikhalepo pang'ono, chifukwa pali mtundu wina wa chinyengo womwe umadutsa mayeso a mboni. Amakulemberani pa WhatsApp kapena Telegram kuti ntchito yake ndi yophweka, kungodina posonyeza kukonda mavidiyo kapena kupereka nyenyezi ku mahotelo ndi katundu. Tsiku loyamba amakulipiranidi, mwina K5,000 kapena K8,000, ndipo imafika pa foni. Msodzi wa pa Malombe sadandaula ndi usipa womwe waika ku mbedza, ndipo ndalama yoyambayo ntchito yake ndi yomweyo. Mukakhulupirira, amakuikani m'gulu momwe anthu akusangalala ndi zomwe alandira, ambiri mwa iwo ali akathyali omwewo ndi maakaunti awo ena. Kenako pamabwera ntchito zomwe akuti muyambe mwaikamo yanu kuti mupeze komishoni yokulirapo. Mukaika K30,000 amabweza K39,000. Mukaika K100,000, akaunti imaonetsa kuti muli ndi ngongole chifukwa mwagwera ntchito yapadera, ndipo kuti mutape muyenera kuwonjezera kaye. Kuyambira pamenepo palibenso chomwe chimatuluka. Bungwe la boma la America loteteza ogula, la FTC, linanena mu Disembala 2024 kuti madandaulo a chinyengo chotere anafika pafupifupi 20,000 m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya 2024, pomwe chaka chonse cha 2023 analipo pafupifupi 5,000. Choncho wina akakuuzani kuti "ine anandilipira", mufunseni kuti ali pa siteji iti.

Kasitomalayo ndi ndani?

Tinene kuti pulatifomu yapambana mayeso onsewa. Ntchito siinathe, chifukwa mbava zimatsegulanso maakaunti pa mapulatifomu enieni n'kumadzionetsa ngati makasitomala. Pa Upwork, pambali pa ntchito iliyonse pamakhala gawo lolembedwa `About the client`. Pamenepo onani ngati palembedwa `Payment method verified`, kutanthauza kuti njira yake yolipirira inatsimikizidwa. Onani ndalama zomwe wawonongapo kale polemba anthu ntchito, tsiku lomwe analowa, kuchuluka kwa ntchito zomwe analengeza poyerekeza ndi zomwe analembadi munthu, ndi zomwe anthu omwe anamugwirirapo ntchito ananena. Kasitomala watsopano si wakuba ayi, aliyense anayambapo tsiku lina. Koma akaunti ya dzulo, yopanda njira yolipirira yotsimikizika, yofuna anthu 50 nthawi imodzi pa malipiro onona, musaionongere Connects zanu.

Mtengo wa ntchito muziuyesanso ndi nzeru wamba. Ntchito yotchuka kwambiri pa chinyengo ndi yotaipanso zolemba za PDF kapena zithunzi kuti zikhale za Word, pa madola mazanamazana. Makompyuta amachita zimenezi m'mphindi zochepa, ndiye wamalonda wanzeru sangalipire chonchi. Pa chitsanzo chathu chomasulira, dzifunseni ngati anakuyesani n'komwe. Makampani enieni omasulira amafuna kuona luso lanu, amakupatsani kandime kakafupi kuti mumasulire, amafunsa zomwe munagwirapo. Yemwe wakusankhani mu ola limodzi osaona ngakhale chiganizo chimodzi cha Chiyao chanu sakufuna Chiyaocho.

Chizindikiro china chachikulu ndi kukokeredwa kunja. Mwangofunsira ntchito pa pulatifomu, yankho n'kukhala lakuti mulembere bwana wawo pa Telegram. Upwork imaletsa kukambirana kunja kwa pulatifomu kontirakiti isanayambe, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mukatuluka, palibenso yemwe akuona zomwe mukuuzana, ndipo pakavuta palibe woti akuimireni. Mukhozanso kutsekeredwa akaunti yanu chifukwa chophwanya lamulolo, wakubayo atapita kale.

Tsopano gawo lachiwiri la funso lathu lija, lakuti ndalama ya kasitomala ili pati. Pa mapulatifomu enieni kasitomala ndi amene amayamba kulipira, ndipo pulatifomu imasunga ndalamayo pakati mpaka ntchito itaperekedwa. Pa Fiverr wogula amalipira pomwe akuika oda. Pa Upwork, ntchito ya mtengo wokhazikika imagawidwa m'zigawo zotchedwa `milestones`, ndipo musanayambe muyenera kuona kuti chigawo chomwe mukugwiracho chaikidwa kale ndalama. Ngati kontirakiti ndi ya madola 300 koma chigawo choyamba mwaikidwa madola 20 okha, chitetezo chanu chikuthera pa madola 20 amenewo. Gwirani ntchito yolingana ndi ndalama yomwe ilipo, osati yomwe yalonjezedwa. Mukamaliza, perekani ntchito kudzera pa batani la pulatifomu lopemphera malipiro, chifukwa kuyambira pamenepo kasitomala amakhala ndi masiku 14, ndipo akangokhala chete ndalama imamasulidwa yokha. Pa ntchito yolipidwa pa ola, chitetezo chimadalira kuti mwayatsa pulogalamu yawo yowerengera nthawi pa kompyuta. Ndipo musakhulupirire imelo kapena chithunzi chonena kuti ndalama yasungidwa. Lowani nokha mu akaunti muione ndi maso anu.

Nanga kasitomala yemwe wabwera mwachindunji, wopanda pulatifomu? Kuno zimachitika kawirikawiri: wofufuza wa ku yunivesite akufuna womulembera zomwe anajambula m'midzi ya ku Makanjira, mwini loji ku Cape Maclear akufuna womukonzera tsamba la Facebook, bungwe likufuna womasulira timapepala ta zaumoyo. Apa palibe wosunga ndalama pakati, ndiye mudziteteze nokha. Pezani nambala kapena imelo ya bungwelo mwa njira yanu, osati yomwe munthuyo wakupatsani, mufunse ngati amamudziwa komanso ngati ntchitoyo ilipodi. Ngati akuti ofesi yawo ili pa Boma kapena ku Monkey Bay, ndalama ya kabaza kapena ya minibasi ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe mungataye. Gwirizanani molemba za mtengo ndi tsiku lolipira. Dipoziti ikhalepo ndithu, koma yochokera kwa iye kubwera kwa inu, theka kapena gawo limodzi mwa magawo atatu. Akakana, perekani ntchito m'zigawo: masamba khumi, alipire, kenako khumi ena.

Funso limodzi loti muwayese nalo

Mukafuna kumva zomwe zili kumtima kwa wofuna ndalamayo, mulembereni mwaulemu kuti mwavomera kulipira K35,000 ija, koma aidule pa malipiro anu ntchito ikatha. Kwa kampani yeniyeni pempholi ndi lopepuka, popeza ndalama yanu ili kale m'manja mwawo. Kwa wakuba n'zosatheka, chifukwa malipirowo kulibe. Mayankho ake amafanana: makina athu salola, ndi lamulo la kampani, aliyense amalipira. Kenako amayamba kukuthamangitsani kuti malo atsala awiri, kapena kuti ikakwana 5 koloko apereka kwa wina. Ena amatsitsa mtengo n'kunena kuti tumizani K20,000 yokha poti mwaoneka munthu wabwino. Cholipira chomwe chimatsika mukamanenerera ngati tomato wa pamsika si cholipira cha kampani.

Pali ena safuna ndalama poyamba. Amakupatsani ntchito, mumagwira usiku ndi usana, mwina mpaka kukachajitsa laputopu kwa anzanu magetsi atazima, ndipo cholipira chimabwera kumapeto pomwe mwatopa ndipo mwawerengera kale ndalamayo. Tiyeni tione mmene chitsanzo chathu chimathera munthu akalipira. Yoyamba ija K35,000 yapita. Ntchito yatha, akaunti ikuonetsa madola 300. Podina potapa, akuti pakufunika K80,000 yolumikizira akaunti yanu ya kubanki. Mukuganiza kuti mwataya kale K35,000 ndi masiku asanu, ndiye mukongola ku banki m'khonde n'kutumiza. Mawa lake akuti ndalama yagwidwa panjira, pakufunika K150,000 ya msonkho kapena yosinthira madola kukhala makwacha. Zonse pamodzi zakwana K265,000, kuposa theka la malipiro omwe sanakhalepo n'kale. Chomwe chimakoka munthu pa siteji iliyonse ndi chisoni cha yomwe yapita kale, ndipo iwo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amayamba ndi yaing'ono.

Dziwani mmene zenizeni zimayendera kuti musamanamizidwe. Banki kapena kampani yotumiza ndalama ikakhala ndi cholipira, imadula pa ndalama yomwe ikubwerayo, inu mumalandira yotsala. Kusintha madola kukhala makwacha banki imachita yokha pa mtengo wa tsikulo. Msonkho umaperekedwa ku MRA kudzera m'njira zake, osati pa nambala ya foni ya munthu yemwe mwakumana naye pa Telegram.

Kulipira kwina sikooneka ngati ndalama. Musapereke nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money, Mpamba kapena banki, ngakhale kanambala komwe kabwera pa meseji, kwa wina aliyense. Chithunzi cha chiphaso cha unzika muzichiika pokhapokha mkati mwa pulatifomu yomwe mwaifufuza kale, osati kutumizira munthu pa WhatsApp. Wina akapempha kubwereka akaunti yanu ya Upwork kuti azikugawirani mwezi ndi mwezi, kanani, chifukwa zomwe achite zidzalembedwa pa dzina lanu. Chimodzimodzinso yemwe akuti wakutumizirani ndalama yopitirira mwangozi ndiye mubweze yotsalayo, kapena akuti mulandire ndalama n'kupatsira wina. Mwina meseji yolandirirayo ndi yabodza, mwina ndalamayo ndi yobedwa, ndipo apolisi akamailondola adzafika pa nambala yanu.

Pomwe kulipira kuli ndi nzeru

Sindikunena kuti musaononge ngakhale tambala. Tinene kuti pa Upwork pali ntchito yomasulira ya madola 100, kasitomala ali ndi mbiri, ndipo kufunsira kukufuna Connects 12. Imeneyo ndi dola imodzi ndi masenti 80, pafupifupi K3,150. Mukaipeza ntchitoyo ndipo pulatifomu yadula 10 peresenti, mutsala ndi madola 90, tisanachotse zodula potapa. Koma simupeza ntchito iliyonse yomwe mwafunsira. Mukafunsira khumi n'kupeza imodzi, mwaononga madola 18 kuti mupeze 90. Masamu amenewa ndi omwe muyenera kuchita, ndipo n'chifukwa chake kufufuza kasitomala musanafunsire kumapulumutsa ndalama ngakhale pomwe palibe wakuba. Dziikireni malire a mwezi, ndalama yomwe itatayika ana sagona ndi njala, ndipo isakhale ya ngongole.

Maphunziro ndi zipangizo nazonso n'zololedwa kugula, bola muzisankha nokha kwa wogulitsa yemwe mwamupeza nokha. Zikakhala kuti wolemba ntchito yemweyo ndi amene akugulitsa maphunziro kapena pulogalamu, ndipo ntchito ikudalira kuti mugule kwa iye, ndiye kuti malonda ake ndi maphunzirowo, ntchitoyo n'chokopera chabe.

Ngati mwatumiza kale

Lekezani pomwepo, ngakhale akulonjezeni kuti iyi ndi yomaliza. Musafufute kanthu. Jambulani zokambirana zonse, adiresi ya webusayiti, nambala yomwe munatumizako, dzina lomwe linabwera ndi meseji yotsimikizira yokhala ndi nambala ya kutumizako. Imbirani Airtel, TNM kapena banki yanu nthawi yomweyo, kapena pitani ku ofesi yawo, chifukwa mwayi woimitsa ndalama umakhalapo pokhapokha isanatapidwe, ndipo akubawa sachedwa kutapa. Kanenani ku polisi mutanyamula umboniwo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakhudza milandu ya pa intaneti, ndipo ngakhale ndalama isabwerere, lipoti lanu lingathandize kuti nambalayo itsekedwe. Ngati munakumana naye pa pulatifomu yeniyeni, mnenezeninso kumeneko. Ndalama yomwe yatumizidwa pa kiripito, ndalama za pa intaneti monga USDT, kubwerera kwake n'kovuta kwambiri, musadzinamize.

Sinthani pasiwedi ya imelo ndi ya akaunti iliyonse yomwe munagwiritsa ntchito pasiwedi yofanana ndi yomwe munalemba pa webusayiti ija. Lembani pagulu lomwe linki inachokera kuti ena asagwemo, ngakhale zikuchititsa manyazi. Ndipo yembekezerani kuti pakapita masiku wina akulemberani kuti ndi katswiri wobweza ndalama zobedwa, kapena ndi wa ku ofesi inayake, ndipo akufuna kandalama kochepa kuti ayambe ntchito. Kawirikawiri amakhala anthu omwewo, kapena anzawo omwe agula nambala yanu. Mutsekeni osamuyankha.